Kudula misewu ya pa mapu potsata malire a Namwera

Munthu akakufunsani kuti pa Namwera pali misewu yotalika makilomita angati, funsolo limamveka lopepuka. Mapu a misewu ya dziko lonse alipo, pulogalamu ya QGIS ndi yaulere, ndipo chida chodulira chimagwira ntchito m'masekondi ochepa. Komabe anthu awiri okhala pa kompyuta imodzi, ogwiritsa ntchito fayilo imodzimodzi ya misewu, angathe kubwera ndi mayankho osiyana kutalitali popanda wina wonama. Chimene chimawasiyanitsa si kudula kwenikweniko ayi. Amasiyana pa malire amene asankha, pa muyeso umene mapuwo aikidwamo, ndiponso pa zimene achita ndi zidutswa za misewu atatha kudula.

Tiyambe ndi zinthu ziwiri zimene zimakumana pa ntchitoyi. Mapu a vekita sasunga chithunzi, amasunga madontho okhala ndi manambala osonyeza malo ake pa dziko. Madontho akalumikizidwa motsatana amapanga mzere, ndiwo msewu. Mzere ukazungulira n'kubwerera pamene unayambira umapanga mpanda wotsekeka wotchedwa poligoni, ndiwo malire. Misewu imakhala pa leya yake, malire pa leya yawo, ndipo mzere uliwonse uli ndi mndandanda wake m'tebulo momwe mwalembedwa dzina, mtundu wa msewu ndi zina. Kudula kuli ngati zimene amachita telala pakhonde la sitolo: amayala nsalu, n'kusanjika pepala la muyeso pamwamba, lumo n'kutsata m'mphepete mwa pepalalo. Nsalu ndi misewu, pepala ndi malire. Pepala likakhala lolakwika, ukatswiri wa lumo suthandiza kanthu.

Nsalu yathu ndi yosavuta kupeza. Ambiri amatenga misewu ya OpenStreetMap kudzera ku Geofabrik, kumene kuli fayilo ya Malawi yense, ndipo leya ya misewu imatchedwa `gis_osm_roads_free_1.shp`. M'tebulo lake muli makolamu monga `name`, `ref` ndi `fclass`. Kolamu ya `ref` ndi imene imasunga nambala ya msewu, monga M3, msewu umene umadutsa pa Mangochi boma, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, kukwera mapiri kudzera ku Chowe, kudutsa pa Namwera n'kukafika ku Chiponde, kumalire ndi Mozambique. Kolamu ya `fclass` ndi yofunika kuiyang'ana musanadule chilichonse, chifukwa mu leya imeneyi muli zonse: msewu wa phula, msewu wa dothi wopita ku esiteti ya fodya, ngakhale kanjira ka miyendo kopita kudimba. Mukaphatikiza zonsezo n'kuzitcha misewu, mwayankha funso limene sanakufunseni.

Pepala la muyeso ndilo limavuta, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Namwera ndi malo a malonda okhala pansi pa khonsolo ya boma la Mangochi. Alibe khonsolo yakeyake monga ilili tawuni ya Mangochi. Mukatsitsa malire a maboma ndi mafumu amene amapezeka pa HDX kapena pa MASDAP, mupeza boma la Mangochi ndi madera a mafumu aakulu, kuphatikizapo dera la Mfumu Jalasi kumene kuli Namwera. Dera la mfumu ndi lalikulu kwambiri poyerekeza ndi malo amene munthu wokwera minibasi amatanthauza akamati akutsikira pa Namwera. Wodula misewu ndi malire a mfumu n'kulemba pamwamba pa mapu kuti "misewu ya tawuni ya Namwera" wawerengera midzi yambiri imene ili kutali ndi msika.

Njira zopezera malire oyandikira ku tawuni yeniyeniyo zilipo zingapo, ndipo sizilingana kulemera. Yoyamba ndi kupita ku ofesi yoona za mapulani a malo ku khonsolo ya boma, kapena ku dipatimenti ya za mapu ndi kuyeza malo, kukafunsa malire amene iwo amagwiritsa ntchito. Ngati nambala yanu ikukalowa m'lipoti la khonsolo kapena m'pempho la ndalama zokonzera misewu, njira yake ndi imeneyi, chifukwa malire amenewo ali ndi mwini wake woti n'kuwayankhira. Ina ndi kutenga timadera ta kalembera timene ofesi ya National Statistical Office ku Zomba inagwiritsa ntchito pa kalembera wa 2018, n'kuphatikiza timene tazungulira msika kukhala poligoni imodzi ndi chida cha `Dissolve`. Ubwino wake ndi woti makilomita a misewu mungawayerekeze ndi chiwerengero cha anthu a m'timadera tomweto. Njira yotsiriza ndi kujambula nokha potsata pamene nyumba zathithikana pa chithunzi cha setilaiti, kapena kuzunguliza msika ndi bwalo la makilomita awiri pogwiritsa ntchito `Buffer`. Imeneyi si yoletsedwa. Cholakwa ndi kusanena kuti malirewo ndi ojambula nokha. Ine ndimalemba zimenezi pansi pa mapu penipenipo, chifukwa mapu amayenda m'manja mwa anthu ambiri pamene kalata yoperekeza yatsala m'kabati.

Taonani mmene malire amasinthira yankho. Msewu wowongoka wodutsa pakati penipeni pa bwalo limene m'mphepete mwake muli makilomita 2 kuchokera pamsika umatalika makilomita 4 m'kati mwa bwalolo. Mukalikuza kufika makilomita 3, msewu womwewo ukhala makilomita 6. Malo ozunguliridwawo achoka pa masikweya kilomita pafupifupi 12.6 kufika pa 28.3, kuposa kawiri, ndipo timisewu tam'mbali tolowamo tichuluka motero. Palibe chasintha pansi, koma nambala yakula.

Tsono nsalu ndi pepala zili m'manja. Musanazisanjike, funsani kuti chilichonse chili m'muyeso wanji. Fayilo ya Geofabrik imabwera mu `EPSG:4326`, momwe malo amalembedwa m'madigiri. Namwera ali pafupi ndi madigiri 14.4 kumwera ndi 35.5 kum'mawa. Digiri si muyeso wa kutalika wodalirika: kuchoka kumpoto kupita kumwera digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111, koma kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo, pamalo a Namwera, ndi pafupifupi 108. Muyeso woyenera ndi wa mamita, ndipo kwa Malawi ndi UTM zoni 36 ya kumwera, `EPSG:32736`. Zoni imeneyi imayambira pa madigiri 30 kulekeza pa 36 kum'mawa, choncho Namwera ali m'kati ngakhale ali chakumapeto kwake. Kupotoka kwa muyeso kumeneko ndi pafupifupi theka la mita pa kilomita iliyonse, kosadetsa nkhawa pa ntchito ngati iyi. Woyenera kuupewa ndi `EPSG:3857`, muyeso wa mapu a pa intaneti, umene pamalo a Namwera umatalikitsa mtunda ndi magawo atatu pa 100 aliwonse. Makilomita 30 amaoneka ngati pafupifupi 31.

Chida chosinthira muyeso ndi `Reproject layer`. Pali china chofanana nacho dzina, `Assign projection`, ndipo kusokoneza ziwirizi kwagwetsa anthu ambiri. Choyamba chimawerengeranso manambala a dontho lililonse kuti alowe m'muyeso watsopano. Chachiwiri sichikhudza manambala, chimangosintha chizindikiro chonena kuti manambalawo ndi a muyeso wanji, monga kumata pepala lolembedwa "mchere" pa chitini cha shuga. Mukamata `EPSG:32736` pa fayilo ya madigiri, pulogalamu iwerenga 35.5 ngati mamita 35.5, ndipo misewu yonse ya Malawi ifinyikira pa kadontho kamodzi kutali ndi kwathu kuno. Mukadula zikatero, chotuluka ndi leya yopanda kanthu. QGIS payokha imatha kugwirizanitsa maleya a miyeso yosiyana podula, bola chizindikiro cha leya iliyonse chikhale choona. Vuto limabwera chizindikiro chikakhala chabodza kapena chikasowa, monga pamene wina wakutumizirani fayilo ya `.shp` n'kuiwala inzake ya `.prj`.

Pali msampha wina wobisika kuposa umenewu, ndipo ndi wakwathu kuno. Mapu akale a boma la Malawi anapangidwa pa datamu ya Arc, yosiyana ndi WGS 84 imene GPS ndi OpenStreetMap zimagwiritsa ntchito. Manambala a miyeso iwiriyi amaoneka ofanana ndithu, onse ndi UTM zoni 36, koma malo amodzi omwewo amasiyana ndi mamita oposa 100. Malire ojambulidwa kuchokera pa mapu akale a pepala akapatsidwa chizindikiro cha WGS 84, amakhalabe pa Namwera pomwepo koma atasendera pambali. Kudula kuyenda bwinobwino, uthenga wa vuto suoneka, koma timisewu tina tofunika kulowa tatsala kunja ndipo tina tosafunika talowa. Mumazindikira bwanji? Yang'anani pamene malire amayenera kutsata chinthu chooneka, monga mtsinje kapena msewu. Ngati malirewo akufanana nacho makhotedwe koma asendera mbali imodzi paliponse ndi mtunda wofanana, datamu ndiyo yalakwika. Pamenepo ndi pamene `Assign projection` imagwira ntchito yake yoyenera: mumamata chizindikiro choona, monga `EPSG:20936` ngati mwini mapu watsimikiza kuti ndi Arc 1950, kenako n'kusintha ndi `Reproject layer`.

Kudula kwenikweniko ndi kwachidule. Pitani ku `Vector`, `Geoprocessing Tools`, `Clip`. Pa `Input layer` ikani misewu, pa `Overlay layer` ikani malire. Ngati leya ya malire ili ndi mapoligoni ambiri, sankhani imodzi yofunikayo pa mapu n'kuchonga `Selected features only`, apo ayi mudula ndi madera onse pamodzi n'kupeza misewu ya boma lonse. Sungani chotulukacho m'fayilo, makamaka ya GeoPackage. Mukachisiya ngati leya yongoyembekezera, magetsi akathima kapena mukatseka pulogalamu, chapita. Okonda kulemba malamulo angachite zomwezo ndi mzere umodzi, mafayilo onse awiri ali kale mu `EPSG:32736`:

```
ogr2ogr misewu_namwera.gpkg misewu_utm.gpkg -clipsrc malire_namwera.gpkg -nlt MULTILINESTRING
```

Nthawi zina chida chimakana n'kulemba zofiira kuti `invalid geometry`. Kawirikawiri wolakwa ndi poligoni ya malire, makamaka yojambula pamanja, pamene dzanja linaterereka mzere n'kudzipingasa wokha ngati nambala 8. Pulogalamu imalephera kudziwa kuti m'kati ndi kuti, kunja ndi kuti. `Check validity` imasonyeza pamene pali chopingasacho, ndipo `Fix geometries` imakonza. Pali posankha kuti pulogalamu izingodumpha zolakwikazo, koma sindilangiza zimenezo, chifukwa chodumphidwacho chingakhale malire anu enieniwo kapena chidutswa cha msewu waukulu. Mukakonza, yang'ananinso poligoniyo ndi maso, poti nthawi zina kukonzako kumaigawa pawiri.

M'gulu lomwelo muli zida zina zimene anthu amazisokoneza ndi `Clip`. `Intersection` imadulanso pamalire, koma imanyamula makolamu a leya ya malire n'kuwamata pa chidutswa chilichonse cha msewu, ndipo imadula pa mpanda wa poligoni iliyonse payokha. Choncho ngati muli ndi timadera ta kalembera khumi ndipo mukufuna kudziwa makilomita a m'kadera kalikonse, chida chake ndi chimenechi. `Clip` imaona timadera tonseto ngati pepala limodzi ndipo sikuuzani kuti chidutswa chili m'kadera kati. `Difference` imasunga zotsala kunja kwa malire. `Extract by location` ndi yosiyana ndi zonsezi chifukwa sidula konse: mzere ukangokhudza malire, imautenga wonse, ndi mchira wake wopita ku Chowe kapena ku Chiponde. Ndi yabwino polemba mndandanda wa misewu yofika pa Namwera, koma ndi yosocheretsa poyeza makilomita.

Tsopano tafika pa cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri kuposa zonse, ndipo chimandipweteka chifukwa mapu ake amaoneka abwino. `Clip` imadula mzere koma sikhudza tebulo. Tiyerekeze, mwa chitsanzo chabe, kuti mu leya yanu chidutswa china cha M3 ndi mzere umodzi wotalika makilomita 12.4, ndipo munawerengera kale kutalikako n'kukusunga m'kolamu yotchedwa `km`. Malire anu adula mzerewo n'kusiya makilomita 3.1 m'kati. Pa mapu muona kachidutswa kafupi, koma m'tebulo kolamu ya `km` inenabe 12.4. Tiyerekezenso kuti msewu wa dothi wa makilomita 8.0 walowa ndi makilomita 1.5 okha, ndipo timisewu ta pakati pa nyumba, tokwana makilomita 6.2, tili m'kati tonse. Wophatikiza kolamu yakale apeza 26.6. Yankho loona ndi 3.1 kuphatikiza 1.5 kuphatikiza 6.2, zomwe ndi 10.8. Kusiyana kumeneku n'kokwanira kusokoneza bajeti yonse ya giredala ndi miyala.

Mankhwala ake ndi kutsegula `Field Calculator` pa leya yodulidwayo, kupanga kolamu yatsopano ya manambala a desimo, n'kulemba:

```
length($geometry) / 1000
```

Lamuloli limayeza m'muyeso wa leyayo, ndiye chifukwa chake tinasinthira ku mamita poyamba. Mukaona msewu umene mukuudziwa kuti ndi wa makilomita atatu ukutuluka ngati 0.00003, dziwani kuti leya idakali m'madigiri. Pali lamulo lina, `$length`, limene limayeza potsata kupindika kwa dziko malinga ndi makonzedwe a pulojekiti yanu. Mayankho a awiriwa ayenera kuyandikana kwambiri, ndipo akatalikirana ndiye kuti pena pake muyeso walakwika. Samalaninso mtundu wa kolamu: mukasankha ya manambala athunthu, kamsewu ka mamita 400 kasanduka 0. Mukatha, `Statistics by categories` pa kolamu ya `fclass` ikupatsani makilomita a mtundu uliwonse paokha, ndipo pamenepo mungasankhe poyera ngati `path` ndi `footway` zikulowa m'chiwerengero kapena ayi. Kumbukirani kuti mitundu ya OpenStreetMap si yofanana ndi magulu a bungwe la Roads Authority, amene amadziwika ndi zilembo monga M, S, T ndi D. Lipoti la boma limafuna magulu a boma, ndipo kuwalumikiza kumafuna munthu wodziwa misewuyo.

Pali njira yophweka yodzitsimikizira kuti lumo silinadye nsalu. Tengani misewu yokhudza malire ndi `Extract by location`, yezani kutalika kwake konse. Dulani ndi `Clip`, yezani. Dulaninso misewu yokhudza malire ija ndi `Difference`, yezani. Zam'kati ndi zakunja zikaphatikizidwa ziyenera kubweza nambala yoyamba ija. M'chitsanzo chathu, 10.8 ya m'kati ndi 15.8 ya kunja zikupanga 26.6.

Malo ovuta kwambiri ndi pamene msewu ndiwo malire. Ojambula timadera ta kalembera amakonda kutsata misewu ndi mitsinje kuti wowerenga anthu asasochere, ndipo ndi nzeru yabwino pa ntchito yawo. Koma mzere wa msewu ndi mzere wa malire anajambula anthu osiyana, pa nthawi zosiyana, kuchokera pa zithunzi zosiyana. Pansi ndi chinthu chimodzi, pa kompyuta ndi mizere iwiri yolukana ngati chingwe, kusiyana mamita asanu apa, khumi apo. `Clip` imasunga paliponse pamene msewu wagwera m'kati n'kutaya pamene wagwera kunja, ndipo chotsala ndi mzere wodukaduka ngati mkanda wothothoka. Pa mapu a patali simungaone, ndipo m'tebulo simuona chifukwa zidutswazo zimakhalabe pa mndandanda umodzi. `Multipart to singleparts` imazimasula, ndipo mukawerengeranso kutalika n'kusanja tebulo kuyambira chachifupi, tizidutswa ta mamita awiri kapena asanu tidzaonekera pamwamba.

Kukonza kwake kumayamba ndi chigamulo cha munthu: kodi msewu wa m'malirewo ndi wa tawuni kapena ayi? Ngati ndi wa tawuni, kuzani malire ndi `Buffer` ya mamita 15 kapena 20 musanadule, kuti msewuwo ulowe wonse. Mtengo wake ndi woti msewu uliwonse wotuluka m'tawuni utalikirako ndi mamita omwewo. Misewu khumi yotuluka iwonjeza mamita pafupifupi 200, nambala yoti mungaichotse kapena kuinena. Ngati si wa tawuni, `Buffer` ya nambala yochotsera imabweza malire m'kati. Ndipo ngati mukuwerengera madera awiri oyandikana, gwirizanani kuti msewuwo upita kwa ndani, kuopa kuuwerenga kawiri.

Chinanso: leya yodulidwa ndi yoyezera ndi yojambulira mapu, si yofufuzira njira. Msewu ungatuluke m'malire pa khona n'kulowanso patsogolo, ndipo ukadulidwa pulogalamu yofufuza njira yachidule iona ngati pali phompho. Wofuna kudziwa njira ya ambulansi kuchoka kumudzi kupita kuchipatala cha pa Namwera, kapena kuchoka pa Namwera kutsikira kuchipatala cha boma ku Mangochi, asadule pamalire a tawuni. Adule ndi dera lokulirapo ndithu, kapena asadule konse.

Ndipo nambala imene mwapeza ndi ya misewu imene inajambulidwa. OpenStreetMap amajambula anthu odzipereka, ambiri a iwo akuyang'ana chithunzi cha setilaiti ali kutali. Pansi pa mitengo ya mango kamsewu kamabisika, ndipo pa makhona a m'mapiri wojambula wofulumira amadula njira ndi madontho ochepa, msewu n'kufupika. Mwina mungaganize kuti chitunda chimawonjeza mtunda kwambiri poti mapu amayeza ngati pansi ndi pafulati, koma ayi: msewu wokwera mamita 10 pa mamita 100 aliwonse umatalikirako ndi theka la gawo limodzi pa 100 basi. Zosowa ndi zodulidwa makhona ndizo zimaluza zambiri. Choncho mukatha kudula, yalani chithunzi cha setilaiti pansi pa leya yanu, muyende nayo ndi maso kuyambira pamsika kupita mbali iliyonse. Pamene mwakayika, sindikizani mapuwo pa pepala, mupite nawo pa siteji ya akabaza a njinga zamoto, muwafunse kuti, "Achimwene, kanjira aka galimoto imadutsa nthawi ya mvula?" Zimene akuuzeni muzilembe m'kolamu yakeyake, pamodzi ndi tsiku limene munatsitsa fayilo ya misewu ndi dzina la malire amene munadulira.